Chipinda cha Boma

Ine ndinakwatiwa ndi munthu wokonda masamu. Sikuti sukulu anapita nayo patali ayi, koma muwapatse kamtengo ndi pabwalo posesa bwino, akuwerengerani matumba a chimanga mbewu isanalowe n'komwe m'nthaka. Nthawi zambiri masamu awo amalondola, ndisawanamizire. Koma akaphonya, amaphonya ndi anthu ambiri, chifukwa amuna anga ali ndi pakamwa pokoma, ndipo anthu amawakhulupirira.

Kwathu ndi kufupi ndi Mitundu, iwo kwawo ndi ku Nathenje. Titakwatirana anabwera kudzakhala kwathu pachikamwini, monga amachitira amuna ambiri kwathuko, ndipo tinabereka ana awiri tili m'kanyumba kaudzu kuseri kwa nyumba ya amayi anga. Ine ndinkagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Mitundu, iwo ankalima ndi kugwira maganyu. Kenako mwezi wina wa Epulo mwayi unawagwera, analembedwa ntchito pafamu ya nkhuku kwawo komweko ku Nathenje. Tinasangalala, inde, koma ntchitoyo inandilanda mwamuna. Ankagona kwa amayi awo sabata yonse, n'kumabwera Loweruka masana panjinga, fumbi mpaka m'nsidze, Lamulungu chakumadzulo n'kubwerera. Mwana wathu wamng'ono anayamba kuwathawa akafika, kubisala kuseri kwa chitenje changa. Zimenezo zinkawapweteka kwambiri, ndipo ine ndinkaziona ngakhale ankaseka.

Basi anapita kwa amalume anga kukapempha chitengwa, kuti anditenge ine ndi ana tikakhale kwawo. Amalume sanavute. Za chiongo, kamphatso kamene mwamuna amapereka akamatenga mkazi kupita naye kwawo, anagwirizana tsiku lomwelo. Amene anavuta ndi ine.

Ndinanena pamaso pa onse kuti, “Ine kupita ndipita, koma m'nyumba yamalata. Osati theka ayi. Denga lonse, kuyambira uku mpaka uko.”

Ndipo mpaka lero sindiona cholakwa pa mawu amenewo. Ndinakula ndikusuntha mphasa mvula ikamagwa, ndinakwatiwa ndikusunthabe mphasa. Ndisiye amayi anga, dimba langa ndi makasitomala anga, n'kukasunthanso mphasa kwa eni? Ayi ndithu. Amalume anagwedeza mutu n'kunena kuti iwo adzapita okha ku Nathenje Chaka Chatsopano chikadutsa kukaona dengalo. Likakhala latha, anditulutsa. Likakhala lisanathe, nkhani idikire mpaka tidzakolole chaka chinacho, chifukwa iwo sakonda kukambirana chinthu chimodzi kawiri pachaka.

Amuna anga anaumba njerwa, anawotcha, anamanga. Pofika mu Okutobala nyumba inali itaima, yazipinda zitatu ndi pabalaza, njerwa zowotcha koma zomangira dothi. Mitengo ya denga anaikhoma. Chotsala chinali malata, ndipo kandalama kamene tinasunga kankangokwana theka.

Loweruka lina anafika akumwetulira asanatsike n'komwe panjinga.

“Mayi, kodi chaka chili ndi miyezi ingati?”

“Mwayamba liti kumwa, bambo?”

“Kwathu kufamu chili ndi miyezi khumi ndi itatu!”

Anandifotokozera kuti pafamupo, mu Disembala, anthu amalandira bonasi, ena amati malipiro a mwezi wa 13. Mwezi woti palibe amene amadzuka m'mawa kukaugwirira ntchito, koma ndalama yake imabwera. Iwo malipiro awo anali K240,000 pamwezi. Anatola kamtengo, analemba pansi nambala imeneyo, anaigawa m'malata, misomali ndi zina, mpaka panatsala yoti n'kuikira kakhonde kutsogolo. Tsiku limenelo ndinawaphera nkhuku.

Kakhondeko kanakhala ndi moyo milungu yochepa chabe. Mu Novembala akuluakulu a famu anaitanitsa msonkhano wa antchito, ndipo mayi amene amakonza malipiro anafotokoza mmene bonasi imawerengedwera. Choyamba, amangotenga malipiro enieni a pamwezi, osaphatikiza ovataimu. Amuna anga anali atagwira ovataimu yambiri, kutsitsa matumba a chakudya cha nkhuku, ndipo ankaganiza kuti nayo ikwera nawo. Ayi. Chachiwiri, mwezi wathunthu amalandira ndi amene wagwira chaka chathunthu. Wolowa pakati amagawa malipiro ake pakhumi ndi pawiri, n'kumupatsa magawo olingana ndi miyezi imene wagwira. Iwo analowa mu Epulo, ndiye miyezi isanu ndi inayi, K20,000 mwezi uliwonse. Zonse pamodzi K180,000.

Anabwera Loweruka limenelo atafooka pang'ono, koma kamtengo anatolabe. Anafufuta khonde ndi phazi.

“Khonde si denga,” anatero. “Munati denga. Denga likwana. Bonasi yonse ipita kumalata, atatu otsala a kachipinda kakumapeto tidzagula ndi malipiro a kumapeto kwa mwezi.”

Ndinavomera. Khonde sindinalitchule pamaso pa amalume, ndiye sindikanalilirira.

Koma panali chinthu china chimene chinkawadya. Antchito akale pafamupo ankadandaula kuti bonasi imadulidwa msonkho moopsa, kuposa malipiro. Wina anati chaka chatha anaona ngati makina alakwitsa. Amuna anga anaifunsafunsa nkhaniyo mpaka anamva kuti K150,000 yoyamba imene munthu walandira sidulidwa msonkho, boma limayamba kudya pamwamba pa imeneyo. Anamvanso kuti chaka chilichonse bonasi inkalowa tsiku limodzi ndi malipiro, mulu umodzi. Apa m'pamene masamu anawagwira.

“Mwaona pamene pali vuto, mayi? Akaziunjika pamodzi, gawo laulere lija limakhala limodzi. Koma bonasi ikalowa payokha, tsiku lakelake, ndiye kuti nayonso ili ndi K150,000 yake yosadulidwa. Kulowa kawiri, kukhululukidwa kawiri!”

Ine ndinaona kuti n'zomveka. Ndikunena zoona, ndinawayang'ana n'kunena mumtima kuti koma Mulungu anandipatsa mwamuna. Anzawo kufamu anaonanso chimodzimodzi. Anasankha anthu oti akalankhule ndi mabwana, wotsogolera n'kukhala iwowo, munthu wa miyezi isanu ndi itatu pantchito. Koma anachenjera molakwika. Anagwirizana kuti za msonkho asakazitchule, kuopa kuti mabwana angawatsekere njira. Anangokapempha kuti bonasi izilowa pakati pa mwezi, payokha, kuti anthu agule feteleza wobereketsa ndi za Khirisimasi mitengo isanakwere.

Mabwana anavomera msangamsanga. Mayi a malipiro aja anaimirira n'kunena kuti palibe vuto, apereka bonasi yonse pakati pa mwezi, koma msonkho wake adzauwerengera pamodzi ndi malipiro kumapeto. Amuna anga amavomera kuti mawu amenewo anawamva. Akuti anatsinzinirana diso ndi anzawo, poganiza kuti amenewo ndi mawu a muofesi chabe, ndalama ikalowa yalowa. Ena sanamve n'komwe, anali atayamba kale kuwomba m'manja.

Pakati pa Disembala mafoni analira pafamu ponse. Amuna anga anayang'ana: K180,000, osachotsapo ngakhale tambala. Akuti anyamata a m'makola anawanyamula m'mwamba n'kuzungulira nawo, nkhuku zikulira ndi mantha. Wina anawagulira Fanta, wina mpaka anawapatsa malo pabenchi ya akuluakulu nthawi ya nkhomaliro. Anandiimbira foni ndili pamsika.

“Mayi, boma lagona nayo njala!”

Ndinaseka mpaka kasitomala anaganiza kuti ndikumuseka iyeyo. Tsiku lomwelo anapita kukagula malata ndi ndalama yonse, kuphatikiza ija tinasunga, ndipo ngolo inakatula ku Nathenje. Mmisiri anakhoma pabalaza, chipinda chathu ndi cha ana. Panatsala kachipinda kakumapeto, kamene ndinkati kadzakhala kosungiramo katundu, kofuna malata atatu basi. Pamwamba pa makoma ake anayala pepala lapulasitiki lakuda, n'kutsamiza njerwa, kuti mvula isasungunule dothi lomangira podikira malipiro.

Malipiro analowa Khirisimasi itangodutsa. Mwezi uliwonse, akachotsa msonkho ndi penshoni, amuna anga ankatenga K205,500. Ulendo uno foni inati K160,500. Panasowa K45,000, ndipo pamitengo ya nthawi imeneyo inali ndalama ya malata atatu ndendende. Yotsalayo inali ndi eni ake kale: mmisiri, chiongo, chakudya, ana. Panalibe poti n'kutsina.

Sanabwere Loweruka limenelo. Anangoimba foni, mawu ali pansipansi, akuti njinga yaphwa. Ine njinga imeneyo ndimaidziwa, ikaphwa amamata ndi mphira pamsewu pomwepo. Nditawapanikiza anandiuza. Anandiuzanso kuti pafamu pavuta, aliyense malipiro ake achepa, ena anadya bonasi yonse pa Khirisimasi podalira malipiro athunthu, ndipo amene anawanyamula m'mwamba aja tsopano akadutsa amati, “Zikomo akatswiri a msonkho, tadutsani.”

Magazi anandiwira. Osati chifukwa cha amuna anga ayi, koma ofesi ija. Ndinati awa atibera, anatipatsa masana n'kudzatilanda kumbuyo. Lolemba m'mawa ndinasiya tomato ndi mng'ono wanga, ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, msewu uli matope okhaokha, mpaka pageti pa famu. Mlonda anandifunsa kuti ndikufuna ndani. Ndinati ndikufuna amene amadya ndalama za anthu. Anandiloza ofesi osafunsanso china, mwina sindinali woyamba.

Ndinkayembekeza kupeza munthu wonenepa ndi ndalama zathu. Ndinapeza mayi wamng'ono thupi, wamagalasi, akudya chimanga chootcha pambali pa kompyuta. Anandipatsa mpando, anandipatsanso moni mwaulemu, mpaka ukali wanga unasowa poyambira. Komabe ndinauyamba.

“Mayi, ine ndabwera kudzatenga K45,000 ya amuna anga. Mwezi uno agwira ntchito ngati miyezi ina yonse. Mwawadula chifukwa chiyani?”

Anandifunsa dzina la amuna anga, ndipo nditatchula anamwetulira pang'ono. Anati za malipiro a munthu sangakambe mwini wake palibe, ndiye anatuma uthenga kumakola. Amuna anga analowa atavala magambutsi, chipewa chili m'manja, ndipo atandiona anangoti kukamwa yasa.

“Mwabwera, mayi?”

“Ayi, ndili ku Mitundu. Khalani pansi.”

Mayi aja anandifunsa ntchito imene ndimagwira. Nditati ndimagulitsa tomato, anati, “Munthu akagula mulu, mumamuikira basela?”

“Kasitomala wabwino, inde.”

“Nanga akagula mulu, n'kuzungulira kuseri kwa msika, n'kubweranso kudzagula wina, akufuna baselanso?”

“Ameneyo ndimamudziwa. Basela ndi kamodzi, asandipusitse.”

“Ndiye boma nalo limatero,” anatero mayiwo. “Gawo losadulidwa msonkho ndi la mwezi, si la ulendo uliwonse umene ndalama yalowa. Kaya tikupatsani kamodzi, kaya kawiri, kaya kasanu, timaphatikiza zonse za mwezi umenewo, ndipo K150,000 yaulere ndi imodzi yomweyo.”

Kenako anapita nane pang'onopang'ono, ndipo ndinamva, chifukwa ine pa ndalama sindigona. Mwezi wamba, pa K240,000 ya amuna anga, K150,000 imadutsa yosakhudzidwa. Yotsala K90,000 ndi imene imadulidwa, K25 pa K100 iliyonse, ndiye msonkho K22,500. Ukauyerekeza ndi malipiro onse umaoneka wochepa, chifukwa mbali yaikulu yadutsa ulere. Koma bonasi ikamabwera imapeza gawo laulere lija litadyedwa kale ndi malipiro. Ndiye iyo imadulidwa yonse, kuyambira kwacha yoyamba. Kota ya K180,000 ndi K45,000. Ndalama imene ndinabwerera ija inali imeneyo. Pakati pa mwezi sanaichotse, anadzaichotsa kumapeto monga ananenera.

“Ndiye bonasi ili ndi msonkho wakewake wokwera?” ndinafunsa.

“Ayi, msonkho ndi womwewo. Kungoti bonasi imakhala pamwamba, ilibe pobisala.”

Amuna anga anadzutsa mutu. Masamu anali asanafe.

“Nanga ikanalowa mu Januwale?”

“Mu Januwale simulandira malipiro, bambo? Ikanawapezanso atakhala pampando womwewo.”

Ndinafunsa ngati aliyense anadulidwa chimodzimodzi, chifukwa mtima wanga unkafunabe munthu woti ndimukwiyire. Anati ayi. Sanatchule munthu, koma anati wantchito wamalipiro ochepa amene walowa posachedwa, malipiro ake ndi kabonasi kake zikaphatikizidwa n'kusapitirira K150,000, sadulidwa kalikonse. Ndipo bwana amene malipiro ake okha anadutsa kale K500,000, bonasi yake imadulidwa K30 pa K100 iliyonse, chifukwa pamwamba apo mlingo ndi wina. Anawonjezera kuti manambalawa boma limawasintha nthawi ndi nthawi, koma kawerengedwe kake n'komweko. Zoti bwana amalumidwa kwambiri zinanditonthoza pang'ono, sindibisa.

Ndinayesa njira yomaliza. Ndinati popeza bonasi ndi ufulu wa wantchito, bwanji famu ilipire msonkhowo yokha? Mayi aja anaseka n'kunena kuti lamulo silikakamiza famu kupereka bonasi, ndi mgwirizano wa pafamupo ndi antchito ake, ndipo pali malo ambiri kumene Disembala amangodutsa ngati Juni. Potuluka anandigawira chimanga chawo chija, ine n'kulandira. Tangoganizani, munthu wapita kukamenya nkhondo n'kubwerako akukukuta chimanga cha mdani.

Kunja amuna anga anandiperekeza mpaka pageti. Anyamata awiri anadutsa ndi wilibala, mmodzi n'kunena kuti, “Akatswiri, mwaitanitsa loya?” Ndinatembenuka n'kumufunsa ngati powanyamula m'mwamba paja amuna anga anachita kumugwira pakhosi. Anathamangitsa wilibala osayang'ananso m'mbuyo.

Pageti ndinati, “Bwanji tibwereke? Malata atatu okha.”

Anakana. Anati kumapeto kwa Disembala aliyense amene amamudziwa ali mbuu ngati iwo omwe, ndipo kwa akatapila sapita, denga la katapila limadontha kuposa laudzu. Pamenepo ndinagwirizana nawo. Ndinabwerera ku Mitundu mtima uli wolemera, chifukwa ndinkawadziwa amalume anga. Munthu wabwino, koma mawu akawamva amawasunga mmene anawamvera.

Chaka Chatsopano chitadutsa tinanyamuka, amalume, amayi anga ndi ine. Ku Nathenje tinapeza apongozi anga aakazi atasesa bwalo lonse, ankhoswe a kuchimuna atakhala pamipando. Nyumba inkawala, abale! Malata atsopano padzuwa la m'mawa, mpaka kuthobwa m'maso. Ndinaima kaye panjira kuiyang'ana. Ndiye diso likayenda mpaka kumapeto, linkagwera m'dzenje: mitengo ya denga ili pamtunda, pepala lakuda likukupiza ndi mphepo.

Amalume analowa ndi ndodo yawo. Pabalaza anayang'ana kumwamba, anagwedeza mutu. Chipinda choyamba, chachiwiri, chimodzimodzi. Atafika kachipinda kakumapeto anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, mitambo ikudutsa.

“Akamwini, kodi muno mwasiyira dala kuti muziona nyengo?”

Anthu anaseka, koma amuna anga sanaseke. Anagwada pakhomo pa kachipindako n'kufotokoza zonse, osabisa kanthu: za miyezi isanu ndi inayi, za kulowa kawiri, za msonkho. Sananamizire ofesi, sananamizire anzawo. Anati, “Ndinawerenga molakwika ndine. Malata atatu ndalephera.” Ndinamva chisoni chachikulu, mpaka ndinayang'ana kumbali.

Tinabwerera pabwalo n'kukhala pansi. Amalume anati iwo nyumba aiona, ndi yabwino, koma denga silinathe, ndipo mawu oti denga lonse sanali awo. Anatembenukira kwa ine.

“Iwe ndi amene unati kuyambira uku mpaka uko. Tonse tinamva. Ndiye nena wekha. Ukati tidikire, tidikira mpaka chaka chamawa, palibe amene akukakamize.”

Amayi anga ankandiyang'ana, ndipo ndikudziwa kuti mumtima ankafuna nditi tidikire, chifukwa ndani amafuna mwana wake achoke? Ine ndinaganiza za mawu anga, amene sindinkafuna kuwameza pamaso pa anthu. Ndinaganizanso za Loweruka lililonse la chaka china chathunthu, njinga ija, fumbi lija, ndi mwana kubisala kuseri kwa chitenje.

“Amalume,” ndinatero, “ine ndinati amuna anga agule malata a denga lonse. Ndalama yake anaigwirira ntchito ndipo inakwana. Ine ndapita ndekha kuofesi, ndaona kumene inapita. Malata atatuwo alipo, kungoti ali ndi boma. Ndiye chipinda chimenecho n'cha boma, likafuna lidzafolere lokha. Zipinda za amuna anga zonse zafoleredwa. Ine ndikubwera.”

Amalume anandiyang'ana, anayang'ana ankhoswe, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Anati m'moyo mwawo aweruza nkhani zambiri koma sanaonepo munthu akudzipezera yekha pothawira chonchi. Apongozi anga analulutira. Amayi anga anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti bola ndizibwera kudzapalira munda umene ndinadzala. Amuna anga anagwadanso pabwalopo, akuyang'ana pansi.

Ndinasamuka sabata yomweyo. Kachipinda kaja dzina linakakamira, aliyense ankati chipinda cha boma. Mvula ikagwa ndinkaikamo ndowa ndi mabeseni, madzi ochapira osapita kumjigo. Ana ankasambiramo. Mlendo akafunsa kumene kuli tsache, tinkati, “Taonani ku boma.” Amuna anga ankasintha pepala lija likang'ambika, ndipo makoma anapirira dzinja lonse. Kangapo ndinawauza kuti tingotsina pa malipiro tigule limodzilimodzi, koma nthawi zonse pankabwera china, feteleza, matenda, yunifolomu, ndipo ine ndinasiya kuzitchula. Kunena zoona ndinaiwala n'kuiwala kuti panali lonjezo. Mwana uja anasiya kubisala, anayamba kuwadikirira panjira madzulo aliwonse.

Disembala wotsatira bonasi inali ya chaka chathunthu. Antchito anapempha okha kuti izidulidwa msonkho tsiku lomwe yalowa, aliyense aone chake chenicheni. Amuna anga anatola kamtengo, analemba nambala, anachotsa kota asanatchule chogula chilichonse. Tsiku limene inalowa anabwera ndi malata atatu atamanga panjinga, akukankha wapansi kuchokera kusitolo. Mmisiri sanamuitane. Anakwera okha.

Ine ndinali pabwalo ndikusankha nyemba, ndikumva hamala. Itasiya kulira ndinadzutsa mutu. Anali atakhala pamwamba pa denga, thukuta lili chuchuchu, akundiyang'ana osaseka.

“Mayi,” anatero, “latha tsopano. Kuyambira uku mpaka uko. Mubwera?”

Ndinali nditakhala m'nyumba imeneyo pafupifupi chaka chathunthu. Ndinkafuna kuwayankha zachipongwe monga mwa masiku onse, koma nyemba zinayamba kuoneka mbuu m'maso mwanga. Ndinangoti, “Tsikani, bambo, mungagwe. Ndabwera.”